Samu Yosatheka ndi Samu Yopanda Malire: Kuzisiyanitsa pa Galafu ndi pa Tabulo

Masamu a liniya pulogalamu amafufuza phindu lalikulu, kapena mtengo wotsikitsitsa, motsatira malamulo olembedwa ngati mizere yowongoka. Si samu iliyonse yomwe imakhala ndi yankho. Ina imakhala yosatheka chifukwa malamulo ake akutsutsana, pamene ina imakhala yopanda malire chifukwa palibe lamulo loletsa phindu kukwera. Ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi, chonsecho zizindikiro zake ndi zosiyana kwambiri.

Chitsanzo cha samu yosatheka ndi cha mlimi amene ali ndi mahekitala 4. Hekitala ya soya imamupatsa tani imodzi, ya chimanga matani awiri, ndipo walonjeza wogula matani osachepera 10. Ngati x ndi mahekitala a soya ndipo y ndi a chimanga, malamulo ake ndi awa:

```
x + y ≤ 4
x + 2y ≥ 10
x, y ≥ 0
```

Pa galafu, lamulo loyamba limasiya kachigawo ka ngodya zitatu: (0, 0), (4, 0) ndi (0, 4). Lachiwiri limafuna malo a kuseri kwa mzere wochokera pa (0, 5) kukafika pa (10, 0). Zigawo ziwirizi sizikumana paliponse pamene x ndi y ndi zosachepera 0. Ngakhale mlimiyo atadzala chimanga munda wonse, akolola matani 8 okha.

Njira ya simpulekisi, yomwe George Dantzig anayambitsa mu 1947, imaonetsa vuto lomweli pa tabulo. Lamulo loyamba limalandira chilembo s1 choimira malo otsala. Lachiwiri limalandira s2 komanso chilembo chogwirizira, a, chomwe ntchito yake ndi kungopereka poyambira. Gawo loyamba la simpulekisi limayesa kutsitsa a mpaka 0. Chilembo y chikamalowa, magawidwe amapereka 4 ÷ 1 = 4 ndi 10 ÷ 2 = 5, choncho s1 amatuluka. Zikatero mzere wa a umawerengeka motere:

```
a = 2 + x + 2s1 + s2
```

Kukweza chilembo chilichonse kungowonjezera a, kotero ntchito imathera pomwepo a ali pa 2. Chizindikiro cha samu yosatheka ndi chimenechi: tabulo yafika kumapeto, koma chilembo chogwirizira chidakali ndi nambala yoposa 0. Nambala 2 ija si yachabe, ndi matani awiri omwe akuperewera pa lonjezo. Chilembo chogwirizira chikatsala mu tabulo chili pa 0, samuyo ndi yotheka ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amaweruza molakwa.

Samu yopanda malire ili ndi mayankho ambirimbiri, kungoti palibe loposa onse. Nachi chitsanzo, cholinga chili chokweza z:

```
z = 3x + 2y
x − y ≤ 2
x ≤ 5
x, y ≥ 0
```

Chigawo chololedwa chili ndi ngodya (0, 0), (2, 0) ndi (5, 3), koma ndi chotsegula kumwamba. Pa (5, 3) z ndi 21, pa (5, 100) ndi 215, ndipo y akhoza kukwerabe.

Komabe chigawo chotsegula pachokha si umboni. Cholinga chikanakhala chokweza 3x − 2y pa chigawo chomwechi, yankho likanapezeka pa (5, 3), z ali 9, chifukwa kukwera kwa y kukanadya phindu. Chofunika ndi kuona ngati phindu likukulira mbali yomwe chigawo chatsegukira.

Pa tabulo chizindikiro chimaoneka posankha chilembo chotuluka. Mzere wotsika wa y uli ndi −1 pa lamulo loyamba ndi 0 pa lachiwiri, pamene mzere wa z ukusonyeza kuti y akalowa phindu likwera. Magawidwe amachitika ndi nambala zoposa 0 zokha, ndipo pano palibe ngakhale imodzi. Ndiye kuti palibe lamulo lomwe lingaimitse y. Wotsatira mwambo woyamba ndi nambala yaikulu alowetsa x, kenako y, afika pa z = 21, ndipo apeza −1 ndi 0 mu mzere wotsika wa s1. Chigamulo ndi chomwecho, wangochedwa nacho.

Kutheka kumayenera kutsimikizidwa poyamba, chifukwa samu yopanda yankho lililonse singatchedwe yopanda malire. Kakonzedwe kakenso ndi kosiyana. Pa samu yosatheka munthu amafufuza malamulo otsutsana n'kufewetsa limodzi, monga kutsitsa lonjezo kufika matani 8 kapena kubwereka hekitala ina. Pa samu yopanda malire amafufuza lamulo lomwe laiwalika, monga la ndalama, nthawi kapena msika, kapenanso chizindikiro cha ≤ chomwe chalembedwa motembenuza, pakuti palibe munda kapena fakitale yomwe phindu lake lilibe polekezera.