Musanagule simenti: zimene khonsolo imafuna pa pulani ya nyumba ku Nkhunga

Ambiri ogula poloti ku Nkhunga amaona ngati kalata ya amfumu ikakhala m'thumba, chatsala n'kuitana mmisiri. Kale zinkatheka, chifukwa lamulo la 1988 la kamangidwe ka m'matauni linkagwira ntchito m'madera osankhidwa okha. Lamulo latsopano, Physical Planning Act la 2016, linafutukula ntchitoyi kufikira dziko lonse. Motero amene akumanga nyumba ya njerwa ndi malata pamalo amalonda ngati Nkhunga ndi Dwangwa ayenera kupita ndi pulani ku khonsolo ya boma la Nkhotakota kuti akaivomereze.

Kumeneko mumadzaza fomu yopempha chilolezo, n'kuperekanso kope ya chiphaso chanu cha unzika, umboni woti malowo ndi anu, makope angapo a pulani, ndi lisiti la ndalama yoyenderetsa pulaniyo, yomwe kawirikawiri imatengera kukula kwa nyumba. Makope amachuluka chifukwa pulani imadutsa m'manja mwa anthu angapo: woona za malo, woona za zomangamanga, wazaumoyo, kenako komiti yomwe imagamula. Ikavomerezedwa, kope imodzi yodindidwa imabwerera kwa inu, ndipo ndiyo iyenera kukhala pamalo omangapo.

Pa umboni wa malo m'pamene pamayambira mavuto. Ngati poloti ili pa lizi, mumasonyeza lizi kapena kalata ya Unduna wa Zamalo yokupatsani malowo, pamodzi ndi chojambula cha saveya chosonyeza mabikoni ndi kutalika kwa mbali iliyonse. Koma malo ambiri m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda ndi a makolo, ndipo pepala limene anthu amasunga ndi lija lolembedwa pamanja, losainidwa ndi wogulitsa, mboni ndi anyakwawa. Pepala lotere limathandiza kusonyeza mmene malo anafikira kwa inu, koma nthawi zambiri malire ake amati “kuchokera pamango kukafika pachulu”. Mango amadulidwa, chulu amaumbira njerwa. Woyendera pulani amafuna mamita. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kulembetsa malo otere m'dzina lake kudzera mu komiti ya zamalo ya kwa gulupu, choncho yambirani kwa woona za malo ku khonsolo musanalipire wojambula. Onetsetsaninso kuti dzina la pafomu, la papepala la malo ndi la pachiphaso ndi limodzi. Ngati malo ali m'dzina la malemu bambo anu, konzani kaye zimenezo ndi abale.

Zojambula zimene eni nyumba amakonda kuyang'ana ndi za m'kati: balaza pati, chipinda chogona pati. Koma pulani zambiri zimabwezedwa chifukwa cha tsamba lina, lomwe amisiri amati saiti pulani. Limeneli limaonetsa poloti yonse ngati mukuiona muli m'mwamba: malire ndi miyezo yake, kumpoto, msewu wolowera, pamene nyumba ikhale, mamita ochokera pakhoma kukafika kumalire mbali zonse, chimbudzi kapena sepitiki tanki, ndi kumene madzi a mvula azilowera. Pambali pake pamakhala kamapu kosonyeza kumene poloti ili, kuti woyendera aipeze popanda kufunsa pagolosale.

Tiyerekeze mayi wina wagula poloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, yoyang'ana msewu wa M5, ndipo akufuna nyumba ya mamita 9 ndi 8. Pa sikelo ya 1:200, poloti ija imakwana masentimita 10 ndi 15 papepala, nyumba 4.5 ndi 4. Zikuoneka kuti malo ndi ambiri. Koma msewu waukulu ngati M5 uli ndi malo ake osungidwa, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Wogulitsa anakhoma zikhomo zake mamita 20 okha kuchokera pakatipo. Ndiye kuti mamita 10 akutsogolo si a mayiyu, ngakhale analipira, ndipo watsala ndi 20 ndi 20. Nyumbayo sangaiyambire pamzere penipeni, chifukwa khonsolo imafuna mpata kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Tinene kuti wasiya mamita 5 kutsogolo, nyumba yatenga 8, kumbuyo kwatsala 7. Mu mamita 7 amenewo muyenera kulowa tanki, dzenje lomwera madzi ake, ndi poyanika zovala.

Apa wazaumoyo amafunsa funso lina: chitsime chili pati? Langizo lodziwika ndi loti chimbudzi chokumba kapena dzenje lomwera madzi oipa likhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pachitsime kapena pamjigo. Ngati neba wakumbuyo ali ndi chitsime pafupi ndi mpanda, mamita 7 aja sathandiza kanthu, ndipo pulani yonse iyenera kutembenuzidwa. Kuno kunyanja nkhaniyi si yongokwaniritsa lamulo ayi. Dothi lambiri ndi lamchenga, madzi apansi ali pafupi, ndipo zotuluka m'dzenje sizichedwa kufika m'chitsime. Wojambula amene wakupatsani pulani osafika pamalopo sangadziwe zonsezi. Pulani zokopera, zongosintha dzina pakona, zimagwidwa pomwepa: miyezo ya poloti sigwirizana ndi ya saveya.

Amene malo awo ali cha kugombe kapena kudambo ali ndi mzere winanso woti auganizire. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority limaletsa kumanga m'mbali mwa nyanja ya Malawi pamalo otsika kuposa mamita 477 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mzerewu suyezedwa ndi mapazi kuchokera pamadzi. Saveya ndi amene angakuuzeni ngati muli pamwamba kapena pansi pake. Anthu a ku Dwangwa sakufunika kukumbutsidwa za madzi osefukira a mu February 2024, chaka chomwenso nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mphepete.

Masamba otsalawo savuta kwenikweni. Pulani ya pansi, kawirikawiri pa sikelo ya 1:100, imasonyeza zipinda, miyezo yake, kuchindikala kwa makoma, zitseko ndi mawindo. Woyendera amawerengera kuwala ndi mpweya: windo likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa chipinda. Chipinda cha mamita 3 ndi 3.5 chikufuna windo la mita 1 ndi 1.2 kapena lofanana nalo. Lija la masentimita 90 mbali zonse lachepa. Kenako pamabwera maonekedwe a nyumba mbali zake zinayi.

Tsamba lomwe ndimalangiza kuti mulione bwino ndi lija losonyeza nyumba ngati yadulidwa pakati kuyambira kudenga mpaka kumaziko. Pamenepo m'pamene pamalembedwa kuya ndi kukula kwa maziko, pepala lapulasitiki loletsa chinyezi kukwera m'khoma, kukwezeka kwa pansi pa nyumba kuchokera padothi, lintala, ndi mmene denga limangiriridwire kukhoma. Kudera kwa mwera ndi mvula yambiri ngati kuno, mizere imeneyi ndiyo imasiyanitsa nyumba yolimba ndi yochita ndere m'makoma. Tsamba lililonse likhale ndi dzina la mwini, nambala kapena malo a poloti, sikelo, tsiku ndi dzina la wojambula. Nyumba yosanja kapena ya denga lakonkire imafunanso zojambula za injiniya.

Chidindo chikamenyedwa, chavomereza zimene zili papepala basi. Mmisiri akanena kuti “bwana, tingosunthako pang'ono” kapena mukaganiza zoonjezera kasitolo kutsogolo, ndiye kuti mwatuluka m'chilolezo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhale kulamula kuti mugwetse. Kusintha kulikonse kotere bwererani nako ku khonsolo, ndipo nthawi yabwino yoitana woyendera ndi pamene zingwe zamangidwa, maziko akumbidwa, koma konkire isanathiridwe.