Jakisoni amene sayenera kubayidwa khanda la chikasu

Tiyerekeze khanda la masiku 4 lafika kuchipatala likutentha thupi, likuyamwa mofooka, ndipo maso ndi khungu zachita chikasu. Namwino akuganiza kuti magazi alowa tizilombo. Pashelefu pali sefitiriyakizoni, mankhwala amphamvu amene amabayidwa kamodzi patsiku ndipo apulumutsa anthu ambiri. Koma kwa khanda limeneli, mankhwalawa akhoza kuwonjezera vuto.

Chikasu chimabwera chifukwa cha bilirubini, chinthu chimene chimatsala maselo ofiira a magazi akatha ntchito. Chiwindi cha khanda chimakhala chisanakhwime, motero chimachedwa kumuchotsa. Podikira, bilirubini amaberekedwa ndi puloteni ya m'magazi yotchedwa alubumini, monga mwana kumbuyo kwa mayi ake, ndipo akakhala pamenepo salowa mu ubongo. Sefitiriyakizoni amafunanso malo omwewo. Akalowa m'magazi amamutsitsa bilirubini, ndipo wotsitsidwayo amatha kulowa mu ubongo. Khandalo limayamba kungogona, kukana bere, kulira mokuwa ndi kupindikira kumbuyo. Likapulumuka, likhoza kukula losamva kapena lolumala ziwalo, ndipo zimenezi sizibwerera. Ana obadwa masiku asanakwane ndiye ali pangozi kwambiri.

Ngozi yachiwiri ili m'dilipi. Sefitiriyakizoni akakumana ndi kashiyamu amapanga timibulu tosasungunuka. Mu 2007 bungwe loona za mankhwala ku Amereka la FDA linachenjeza za makanda amene anamwalira, ndipo atawapima anapezeka ndi timibulu timeneti m'mapapo ndi mu impso. Chodetsa nkhawa n'chakuti kashiyamu amabisala m'madzi oyera ngati ena onse. Dilipi ya Ringa lakiteti, imene zipatala zimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ili naye. Chimodzimodzinso chakudya chodzera m'mitsempha. Dilipi ya mchere wokha kapena ya shuga ilibe.

Mu 2009 bungwe lija linamasula lamulo kwa odwala opitirira masiku 28: angalandire ziwirizi motsatizana, bola chubu chitsukidwe bwino pakati pake, osati kuzisakaniza. Kwa khanda la masiku 28 kapena ocheperapo silinamasule. Ngati likulandira kapena likuyembekezeka kulandira kashiyamu m'mitsempha, sefitiriyakizoni saloledwa, ngakhale chubu chikhale china.

Nanga khanda lija lithandizidwe bwanji? Kawirikawiri dokotala amayamba ndi ampisilini kapena penisilini pamodzi ndi jentamayisini. Pakafunika mankhwala a gulu la sefitiriyakizoni, alipo sefotakizimu, amene salimbirana malo ndi bilirubini chotero. Chikasucho amachiyeza, ndipo chikakwera khandalo amaligoneka pansi pa magetsi apadera. Ine ndimaona kuti ngozi imakula pamene mwana wasamutsidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono, zimene walandira kale osalembedwa bwino.

Inu mayi, kapena inu amene mukudikirira wodwala, muuzeni namwino masiku a mwanayo, ngati anabadwa masiku asanakwane, ndi dilipi imene walandira kale. Mukaona chikasu m'maso mwake, nenani jakisoni asanabayidwe.