Tizilombo ta m'labotale tisafike kunyumba

Pakati pa 2010 ndi 2011, anthu 109 m'zigawo 38 za dziko la Amereka anadwala matenda otsegula m'mimba a salimonela, ndipo mmodzi anamwalira. Bungwe la CDC litafufuza, linapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu womwe amagwiritsa ntchito m'malabotale a m'zipatala ndi a m'masukulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa odwalawo anali ana omwe sanapondemo n'komwe m'labotale. Ankangokhala nyumba imodzi ndi munthu wophunzira kapena wogwira ntchito kumeneko.

Malabotale a tizilombo amagawidwa m'milingo inayi. Woyamba ndi wa tizilombo tomwe sitidwalitsa munthu wathanzi. Wachitatu ndi wa tizilombo toopsa toyenda mumpweya, monga ka chifuwa chachikulu cha TB akamakachulukitsa, ndipo chipindacho chimamangidwa moti mpweya uzilowa koma usatulukire kukhomo. Wachinayi ndi wa Ebola ndi tinzake. Ophunzira ambiri amagwira ntchito pa mlingo woyamba ndi wachiwiri, ndipo wachiwiriwu ndi umene umandidetsa nkhawa. Salimonela ali pamenepa. Amadwalitsa ndithu, koma poti mankhwala ake alipo, anthu amamuzolowera n'kuyamba kumupeputsa.

Taganizirani wophunzira amene wavala magolovesi, wangomaliza kupaka tizilombo m'mbale yomeretsera. Foni yalira m'thumba. Waitulutsa, wayankha, waibwezera. Magolovesiwo ateteza khungu lake, koma zonse zomwe zinali kunja kwake tsopano zili pafoni, ndipo madzulo foniyo aiseweretsa mng'ono wake akudya mandasi. Cholembera chomwe amaluma poganiza, kope, ngakhale jekete loyera lopita nalo kukachapa kunyumba, zonsezi ndi njira zomwezo. N'chifukwa chake foni imatsala m'chikwama panja, ndipo cholembera cha m'labotale chimagona m'labotale momwemo.

Kuvula magolovesi nako kuli ndi kachitidwe kake. Tsinani golovesi loyamba kunja, pafupi ndi mkono, n'kulisenda kuti litembenuke. Ligwireni m'dzanja lomwe likadali lovala. Kenako lowetsani zala ziwiri mkati mwa lachiwirilo, osakhudza kunja, n'kulisenda kuti limeze loyamba lija. Mukatero sambani ndi sopo masekondi osachepera 20, chifukwa golovesi limatha kukhala ndi kabowo kosaoneka ndi maso. Golovesi lovula salivalanso, ngakhale zipangizo zitachepa chotani.

Nanga kabotolo ka tizilombo kakagwa n'kusweka? Ambiri amathamangira kupukuta, komatu kumeneko ndi kumwaza. Uzani anzanu apatuke, phimbani pamalopo ndi mapepala omwa madzi, ndipo thirani madzi a kulorini kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Dikirani mphindi 30. Kulorini wake akhale wa 0.5 peresenti: ngati jiki wanu walembedwa 3.5 peresenti, kapu imodzi ya jiki imafuna makapu 6 a madzi. Musungunule watsopano tsiku lililonse poti akakhalitsa amatha mphamvu. Magalasi osweka atoleni ndi chopanira, osati ndi zala, ndipo aponyeni m'bokosi la zinthu zakuthwa lomwe limatsekedwa likafika pa magawo atatu mwa anayi.

Mbale zomwe mwamera tizilombo sizipita kudzala zisanaphikidwe mu otokilevi, chimphika chopha tizilombo ndi nthunzi. Zipangizo wamba zimafuna madigiri 121 kwa mphindi 15, koma thumba lodzaza zinyalala limafuna mphindi 30 kapena kuposerapo, kuwerengera pomwe kutenthako kwafika. Chopha tizilombo ndi nthunzi yomwe yakhudza tizilomboto, choncho thumba lisamangidwe kolimba, ndipo muthiremo timadzi pang'ono. Zomwe zanyowa ndi jiki zisalowe m'menemo, chifukwa zimatulutsa mpweya woipa ndi kuwononga chitsulo.

Apa ndi pomwe ambiri amanyengeka. Tepi yomata pathumba ikada mizere, imangonena kuti kunja kwa thumba kunatentha. Sinena za pakati. Mukapeza mbale ya pakati chakudya cha tizilombo cha m'menemo chisanasungunuke, dziwani kuti ntchito sinatheke. Umboni weniweni ndi timachubu toyesera tokhala ndi mabakiteriya opirira kutentha kwambiri, tomwe amaika pakati pa katunduyo: akamera pambuyo pake, ndiye kuti chimphikacho chalephera. Ndipo kuno kwathu, magetsi akazima ntchito ili mkati, musamaphatikize mphindi zakale ndi zatsopano. Yambiraninso pachiyambi.

Thumba lophikidwa mwachinyengo amene amalinyamula ndi bambo kapena mayi wosesa, yemwe sanaphunzirepo za salimonela ndipo amakhulupirira kuti munachita zonse. Aphunzitsi, musalole thumba lililonse kutuluka pakhomo la labotale musanaone nokha kuti lapsa mpaka pakati.