Kulemera kwa Zomera: Mmene Zotsalira Zimathandizira Kusankha Njira Yowerengera

Ofufuza za ulimi akafuna kudziwa kuchuluka kwa udzu m'munda wa chimanga, amaika kafelemu ka masentimita 50 mbali zonse zinayi pansi, n'kumweta udzu wonse umene uli m'katimo. Udzuwo amauumitsa mu uvuni pa madigiri 60 mpaka 70 kufikira utasiya kupepuka, kenako amauika pa sikelo. Manambala amene amatuluka pa ntchitoyi amakhala ndi khalidwe lakelake. Palibe nambala yochepera pa ziro, ambiri amakhala aang'ono, ndipo ochepa amakhala aakulu kwambiri, monga pamene kafelemu kagwera pa chitsamba cha bonongwe kapena chisoso chimene chakula pafupi ndi chulu. Manambala otere amatchedwa opendekera, chifukwa amaunjikana kumunsi n'kukhala ndi mchira wautali kumtunda. Vuto ndi lakuti njira zowerengera zimene anthu ambiri anazolowera zinakonzedwera manambala osapendekera.

Chotsalira n'chiyani

Powerengera, wofufuza amapanga modelo, imene ndi samu yonena kuti pamalo akutiakuti payenera kupezeka kulemera kwakuti. Kusiyana kwa zimene sikelo yaonetsa ndi zimene modelo inayembekezera ndiko kumatchedwa chotsalira. Modelo wamba imadalira zinthu ziwiri pa zotsalirazi: kuti zizimwazikana mofanana kaya kulemera ndi kwakukulu kapena kochepa, ndiponso kuti zakumtunda ndi zakumunsi kwa ziro zizikhala zolingana. Choyenera kupimidwa ndi zotsalira, osati manambala monga abwerera kumunda, pakuti magulu awiri osiyana akasakanizidwa amatha kuoneka opendekera pamene gulu lililonse palokha lili bwino.

Chitsanzo chongopeka chingaonetse zimenezi. Mapuloti asanu anasiyidwa pambalambanda, ndipo asanu ena anaphimbiridwa ndi mapesi. M'puloti iliyonse munatengedwa kafelemu kamodzi. Osaphimbira anapereka magalamu 10, 20, 40, 80 ndi 160, ndipo avareji yake ndi 62. Ophimbira anapereka 5, 10, 20, 40 ndi 80, ndipo avareji yake ndi 31. Modelo wamba imayembekezera 62 pa gulu loyamba ndi 31 pa lachiwiri, choncho zotsalira za osaphimbira ndi -52, -42, -22, 18 ndi 98, pamene za ophimbira ndi -26, -21, -11, 9 ndi 49.

Zolakwika ziwiri zikuonekeratu. Kumene avareji yawirikiza kawiri, kumwazikana kwa zotsalira nakonso kwawirikiza kawiri. Komanso m'gulu lililonse zotsalira zitatu zili pansi pa ziro ndipo chimodzi chathawira kutali kumtunda. Mu pulogalamu ya R zimenezi zimaonedwa motere:

```r
m1 <- lm(kulemera ~ njira, data = udzu)
plot(m1, which = 1:2)
```

Chithunzi choyamba chimaika zotsalira moyang'anizana ndi kulemera koyembekezeredwa. Ngati zonse zili bwino, timadontho timamwazikana mofanana kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Pa kulemera kwa zomera, kawirikawiri timadontho timapanikizana kumanzere n'kumatambasuka kumanja ngati kukamwa kwa lipenga. Chithunzi chachiwiri chimasanja zotsalira motsatira mzere wowongoka, ndipo zikapendekera, timadontho ta kumapeto timakhotera m'mwamba n'kuusiya mzerewo. Modelo yotereyi ikagwiritsidwabe ntchito, imaonetsa chikayiko chochepa kwambiri pa mapuloti a udzu wambiri ndi chikayiko chopitirira pa a udzu wochepa, mpaka malire ake amatha kufika pansi pa ziro, kulemera kumene kulibe.

Njira yoyamba: kusintha manambala

Mankhwala akale ndi kusandutsa nambala iliyonse kukhala logarizimu yake. Logarizimu imasandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza: kuchoka pa 10 kufika pa 20 ndi sitepe yofanana ndi kuchoka pa 80 kufika pa 160, ndipo sitepeyo ndi 0.69. Zimenezi zikugwirizana ndi kakulidwe ka zomera, chifukwa chomera chachikulu chimalandira dzuwa lochuluka n'kumakulirakulira mowirikiza.

```r
m2 <- lm(log(kulemera) ~ njira, data = udzu)
```

Pa chitsanzo chija, zotsalira za magulu onse awiri tsopano ndi -1.39, -0.69, 0, 0.69 ndi 1.39. Kumwazikana kwafanana, kupendekera kwatha, ndipo modelo ikunena kuti osaphimbira ali ndi udzu wowirikiza kawiri.

Msampha uli pobwerera ku magalamu. Avareji ya malogarizimu ikabwezedwa, imapereka 40 ndi 20, osati 62 ndi 31. Nambala yobwezedwayo imaimira kafelemu kapakatikati, kamene theka la timafelemu limakaposa ndipo theka lina silikafika. Siimira avareji yeniyeni. Kusiyanaku kumakula pofika pa hekitala. Kafelemu kamodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a sikweya mita, choncho pa hekitala pamalowa timafelemu 40,000. Magalamu 62 amapereka makilogalamu 2,480 a udzu wouma pa hekitala, koma magalamu 40 amapereka 1,600 okha. Makilogalamu 880 asowa, osati chifukwa cha sikelo koma chifukwa cha samu.

Akatswiri a nkhalango analizindikira kale vutoli poyerekeza kulemera kwa mtengo kuchokera ku kunenepa kwa thunthu lake. Mu 1972 Baskerville anafalitsa njira yokonzera, yochulukitsa nambala yobwezedwa ndi `exp(s^2/2)`, pamene `s^2` ndi muyeso wa kumwazikana kwa zotsalira za malogarizimu. Pa chitsanzo chija `s^2` ndi 1.2, chochulukitsira chake ndi 1.82, ndipo 40 amakhala pafupifupi 73. Apa chokonzeracho chadumpha 62, chifukwa chimagwira bwino pokhapokha mapuloti ali ochuluka ndipo zotsalira za malogarizimu zikutsatadi mzere wowongoka uja.

Njira yachiwiri: kusintha modelo

Mu chaka chomwecho cha 1972, John Nelder ndi Robert Wedderburn a ku Rothamsted ku Mangalande anafotokoza gulu la mamodelo limene mu R limaitanidwa ndi `glm`. M'malo mokakamiza manambala kuti agwirizane ndi modelo, wofufuza amauza modelo khalidwe la manambalawo. Pa kulemera kwa zomera, mtundu woyenera kawirikawiri ndi wa Gama, umene umavomereza manambala oposa ziro okha ndipo umayembekezera kuti avareji ikawirikiza, kumwazikana nakonso kuwirikize.

```r
m3 <- glm(kulemera ~ njira, family = Gamma(link = "log"), data = udzu)
plot(m3, which = 1:2)
```

Logarizimu ilipobe, koma ikugwira ntchito pa avareji, osati pa nambala iliyonse payokha. N'chifukwa chake modeloyi imapereka 62 ndi 31 popanda chokonzera chilichonse, ndipo imanenabe kuti gulu lina laposa linzake kawiri. Zotsalira zake ziyenera kuonedwanso. Zimene `plot` imajambula pa modelo yotere zimakhala zitalinganizidwa kale ndi kumwazikana koyembekezeredwa, choncho siziyenera kutambasukanso kumanja. Zikatambasukabe, ndiye kuti kumwazikana kukukula msanga kuposa mmene Gama imaganizira. Zikamapanikizana kumanja, ndiye kuti modelo yakonza mopitirira, ndipo kusintha kofatsa monga `sqrt` kungakwanire.

Kusankha pakati pa ziwirizi

Chinthu choyamba cholamulira kusankha ndi funso limene likufunsidwa. Ngati cholinga ndi kudziwa kuti njira ina imachepetsa udzu kangati poyerekeza ndi inzake, njira zonse ziwiri zimayandikana malinga ngati kumwazikana kwa malogarizimu kuli kofanana m'magulu onse. Ngati cholinga ndi kuphatikiza, monga matani a mapesi a nandolo obwerera m'nthaka pa hekitala kapena kulemera kwa mitengo yonse m'chigawo cha nkhalango ya miombo, avareji yeniyeni ndiyo ikufunika, ndipo Gama imaipereka mwachindunji.

Chachiwiri ndi kumene kuli manambala okayikitsa, pakuti njira iliyonse ili ndi pofooka pake. Logarizimu imakuza tinthu tating'ono. Kafelemu ka magalamu 5 katalembedwa molakwika kuti 0.5, nambala yobwezedwa ya ophimbira ingagwe kuchoka pa 20 kufika pa 12.6, pamene avareji ya Gama ingangotsika kuchoka pa 31 kufika pa 30.1. Gama nayo imakokedwa ndi manambala aakulu. Magalamu 160 atalembedwa 1,600, avareji ya osaphimbira ingalumphe kuchoka pa 62 kufika pa 350, pamene ya logarizimu ingangokwera kuchoka pa 40 kufika pa 63. Chotsalira chikaima chokha kutali ndi zinzake, choyamba ndi kutsegula buku la kumunda n'kuona ngati udzu unauma mokwanira, ngati kulemera kwa thumba la pepala kunachotsedwa, ndiponso ngati kadontho ka desimo kanaikidwa poyenera. Nambala yoona siichotsedwa chifukwa chongosokoneza chithunzi.

Mamodelo awiriwa sayenera kupikisanitsidwa pongoyang'ana `AIC(m2)` ndi `AIC(m3)`, chifukwa ina yawerengedwa pa malogarizimu ndipo inayo pa magalamu. Zithunzi za zotsalira ndizo zingaikidwe pamodzi.

Kafelemu kakapezeka kopanda udzu

M'mapuloti ophimbira bwino, timafelemu tina timapereka ziro. Ziro alibe logarizimu, ndipo Gama imamukana. Ambiri amathawira ku `log(kulemera + 1)`, koma zotsatira zake zimadalira muyeso umene wagwiritsidwa ntchito: kuwonjezera 1 pa magalamu 40 ndi nkhani yaing'ono, koma kulemera komweko kukalembedwa ngati makilogalamu 0.04, 1 uja amameza nambala yonse. Pa chithunzi cha zotsalira, maziro amaoneka ngati kamzere ka timadontho kotsetsereka m'munsi mwa tinzake.

Maziro akachuluka, njira yodalirika ndi kugawa funso pawiri. Modelo yoyamba imayankha kuti udzu umapezeka m'timafelemu tingati, ndipo yachiwiri, ya Gama, imayankha kuti kumene wapezeka umalemera bwanji. Mayankho awiriwo akachulukitsidwa amapereka avareji ya munda wonse. Njira ina ndi modelo ya Tweedie, imene imalandira maziro ndi manambala opendekera nthawi imodzi. Kugawa pawiri kumathandiza makamaka pamene kuphimbira kukulepheretsa udzu kumera koma osachepetsa kukula kwa umene wabooleza mapesi, chifukwa zinthu ziwirizi zimaoneka chilichonse pachokha.