Zitsekerero za mabotolo ndi nyemba: kukonza phunziro la bayokemisitiri la ophunzira okhaokha

Mtsikana wina wa chaka choyamba anafika pagulu lathu ndi kope lodzaza bwino, mivi yojambulidwa ndi mapensulo a mitundu itatu. Masitepe onse khumi a gilayikolisisi ankawatchula osapumira, ngati ndakatulo ya kupulayimale. Koma nditamufunsa kuti selo imapindula ma ATP angati ikaphwanya gulukosi mmodzi m'njira imeneyi, anawerenga ndi zala kanthawi, kenako nkunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, ndikupeza ziro." Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti wothandiza anzake asamayambe ndi kukonza zoti akanene. Ayambe wafufuza pamene mnzakeyo anasocherera.

Kwa amene sanalowepo m'kalasi yotere, bayokemisitiri ndi phunziro la mmene zinthu zimasinthira m'thupi la chamoyo, ndipo ophunzira udokotala, unamwino, za mankhwala ndi za zakudya amakumana nalo m'zaka zoyambirira. Gilayikolisisi ndi imodzi mwa njira zoyamba zimene amaphunzira. Nsima imene mwadya imagayidwa nkukhala shuga wotchedwa gulukosi, ndipo selo imaphwanya shugayo m'masitepe khumi kuti ipeze ATP, yomwe ili ngati ndalama yolipirira ntchito iliyonse ya m'selo. Ambiri amagwera pomwepa, ndipo akagwa apa, njira zonse zotsatira zimangokhala mdima.

Choncho masiku awiri gulu lisanakumane, ndimapereka funso lomwe lija kwa aliyense, kuti ayankhe papepala osatsegula buku, ndi kulemba mmene wapezera yankholo. Yankho lolondola ndi 2: selo imayamba yawononga ma ATP awiri, kenako nkupeza anayi. Koma mayankho olakwika ndi amene amandithandiza kwambiri, pakuti lililonse limaloza vuto lakelake. Wolemba 4 waiwala kuti pali malipiro a poyamba. Wolemba 32 kapena 38 wasakaniza gilayikolisisi ndi ulendo wonse wa gulukosi mpaka mu mayitokondiriya. Wolemba ziro, ngati mtsikana uja, sanaone kuti pa sitepe yachinayi shugayo amagawika pawiri, moti zonse zochitika mtsogolomo zimachitika kawiri. Mapepala amenewa ndi amene amandiuza chimene tikaphunzire. Akanakhala kuti onse angomva bwino m'kalasi, sakanabwera kwa ife, ndiye kuwabwerezera zimene aphunzitsi ananena, mwa ndondomeko yomweyo, nkutaya nthawi yawo.

Gulu lisapitirire anthu asanu. Akachuluka, amanyazi amabisala kumbuyo kwa olankhulalankhula, ndipo amatuluka monga analowera. Nthawi ndi ola limodzi ndi theka, mutu ndi umodzi basi. Ndikudziwa kuti mayeso akayandikira mtima umafuna kuphatikiza njira zitatu usiku umodzi, koma ndaona kangapo kuti mawa lake palibe ngakhale imodzi imene imatsala m'mutu.

Zipangizo zanga ndi zitsekerero za mabotolo zisanu ndi chimodzi ndi nyemba zodzaza dzanja. Chitsekerero chilichonse ndi kaboni mmodzi, chifukwa gulukosi ali ndi makaboni 6, ndipo nyemba iliyonse ndi fosifeti. Timandandalika zitsekererozo patebulo, ine nkubweza manja. Ogwira ndi ophunzirawo. Pa sitepe yoyamba wina amatenga nyemba kuchokera ku ATP nkuiika pachitsekerero chakumapeto: ATP imodzi yapita. Pa sitepe yachitatu nyemba ina imaikidwa kumapeto enawo: yapitanso yachiwiri. Kenako mzere uja timaudula pakati, kukhala timagulu tiwiri ta zitsekerero zitatuzitatu, kalikonse ndi nyemba yake. Apa ndimaima dala. Kagulu kamodzi ndimapatsa wophunzira mmodzi, kenako wina, kuti kuyambira pano anthu awiri aziyenda ulendo wofanana mbali ndi mbali.

Pa sitepe yachisanu ndi chimodzi aliyense amalandira nyemba yachiwiri, koma imeneyi sichokera ku ATP. Ndi fosifeti wongoyandama m'selo, ndiye ndimaitenga m'mbale ina kuti maso aone kusiyana kwake. Pomwepanso pamapangidwa NADH. Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri ndi yakhumi nyembazo zimachotsedwa imodziimodzi kukapanga ATP. Anthu awiri, nyemba ziwiriziwiri, zonse zinayi. Mtsikana uja atawerenga nyemba za m'manja mwa mnzake anaseka yekha. "Kani tinalipo awiri!" anatero. Mayina aataliatali a maenzayimu timawabweretsa pambuyo pake, ndipo tsiku loyamba timangogwira atatu a masitepe osabwerera m'mbuyo, loyamba, lachitatu ndi lakhumi: hekisokayinezi, fosifofulukutokayinezi ndi payiruveti kayinezi. Dzina limakhazikika msanga pachinthu chimene munthu wachigwira kale ndi manja.

Gawo lomaliza la nthawi ndimasungira nkhani ya kuchipatala, kuti ndione ngati amvetsadi. Magazi atengedwa m'mawa pachipatala chaching'ono kuti akayezedwe shuga, koma galimoto yachedwa, ndipo afika kulabu patatha maola atatu. Zotsatira zikuonetsa shuga wotsika, pamene wodwalayo alibe chizindikiro chilichonse. Chachitika nchiyani? Woloweza pamtima amangoti kakasi. Womvetsa amayamba kulondola: maselo a magazi akadali amoyo m'kabotolomo, ndipo akupitiriza kudya shugayo. Maselo ofiira alibe mayitokondiriya, ndiye gilayikolisisi ndiyo njira yawo yokhayo yopezera ATP. M'magazi ongosiyidwa choncho shuga amatsika ndi pafupifupi 5 mpaka 7 peresenti pa ola. Nchifukwa chake magazi oyeza shuga amaikidwa m'kabotolo ka chitsekerero chotuwa, momwe muli fulorayidi, amene amatsekereza enzayimu ya sitepe yachisanu ndi chinayi yotchedwa enolezi. Ngakhale fulorayidiyo sagwira ntchito nthawi yomweyo, chifukwa masitepe a kumayambiriro amapitirirabe kudya shuga kwa ola limodzi kapena awiri. Wophunzira akafika pozindikira yekha mfundo yomalizayi poyang'ana zitsekerero zili patebulo, ndimadziwa kuti wapita patali.

Wothandiza naye ndi wophunzira, wangotsogola ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo akhoza kufalitsa cholakwa kwa anthu asanu nthawi imodzi. Ine ndinaphunzitsapo molimba mtima kuti gulukosi akaphwanyidwa mpaka kumapeto amapereka ma ATP 38, chifukwa ndi zimene linanena buku lakale limene ndinabwereka. Mabuku atsopano amati 30 mpaka 32. Chichitikireni zimenezo, pepala la phunziro ndimayamba ndalionetsa kwa aphunzitsi a kosiyo, ndipo funso likandikanika pagulu ndimavomera, nkulilemba kuti tikafunse. Palinso ophunzira amene vuto lawo lili pansi penipeni, pa kemisitiri ya kusekondale: sadziwa tanthauzo la kulandira kapena kutaya ma elekitironi, choncho NADH kwa iwo ndi zilembo chabe. Amenewa ndimawapatsa tsiku lawolawo, awiri kapena atatu, m'malo moimitsa gulu lonse.

Sabata yotsatira, tisanayambe mutu watsopano, aliyense amalandira pepala lopanda kanthu ndi mphindi khumi zoti ajambule njira yonse, kusonyeza makaboni ndi pamene ATP ikulowa ndi kutuluka. Ngati atatu mwa asanu aiwalanso kugawika kuja, mutu watsopano umadikira, zitsekerero nkubwereranso patebulo.