Masamu a Zotsala: Mmene Kompyuta Imatsekera ndi Kutsekulira Uthenga Wachinsinsi

Ngati lero ndi Lachiwiri, kodi pakapita masiku 100 lidzakhala tsiku lanji? Palibe chifukwa chowerengera pa kalendala. Mukagawa 100 ndi 7 mumapeza masabata 14, ndipo pamatsala masiku 2, choncho lidzakhala Lachinayi. Masabata 14 aja tawataya, tagwira chotsala chokha. Akatswiri amati tawerengera "mojulo 7", ndipo amalemba 100 mod 7 = 2. Amene anaika masamu otere m'dongosolo lomwe tikugwiritsa ntchito lero ndi Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, m'buku lake la mu 1801.

Masamu a zotsalawa ndiwo mtima wa RSA, njira yobisira uthenga yomwe Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anatulukira mu 1977 ku sukulu ya MIT ku America, ndipo mpaka pano imathandiza kuteteza zambiri zomwe zimayenda pa intaneti. Kuti RSA itheke, kompyuta iyenera kuchita zinthu ziwiri zomwe poyamba zimaoneka zosatheka. Tiyeni tizichite tokha ndi pensulo, pa manambala aang'ono.

Choyamba ndi kugawa m'dziko lomwe mulibe theka kapena kota. Mu mojulo 7 muli manambala kuyambira 0 mpaka 6 basi. Tengani 4, muichulukitse ndi 3. Mupeza 12, chotsala chake 5. Tsono mungabwerere bwanji kuchoka pa 5 kufika pa 4? Simungagawe 5 ndi 3 n'kupeza nambala yathunthu. Koma chulukitsani 5 ameneyu ndi 5: mupeza 25, chotsala 4. Mwabwerera. Zatheka chifukwa 3 × 5 ndi 15, yemwe chotsala chake ndi 1, ndipo kuchulukitsa ndi 1 sikusintha kanthu. Nambala yotere, yomwe imafafaniza zomwe inzake yachita, tiitchula kuti yobwezera. Mu mojulo 7, yobwezera ya 3 ndi 5.

Pa 7 mutha kungoyesa manambala onse mpaka mutaipeza. Koma manambala a RSA yeniyeni amakhala ndi madijiti oposa 600, ndipo kuyesa imodziimodzi sikungathe ngakhale makompyuta onse a padziko atathandizana.

Nayi RSA yathu yaing'ono. Tisankha mapulaimu awiri, kutanthauza manambala omwe sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni: 13 ndi 19. Tikawachulukitsa tipeza 247, ndipo uthenga wonse uziwerengedwa mojulo 247. Kenako tichotsa 1 pa pulaimu aliyense n'kuchulukitsanso: 12 × 18 = 216. Nambala iyi ndi yachinsinsi. Kiyi yotsekera, yomwe aliyense angaidziwe, tisankha 23. Kiyi yotsekulira ndi yobwezera ya 23 mu mojulo 216, ndiko kuti nambala yomwe mukaichulukitsa ndi 23 n'kugawa ndi 216 patsala 1.

Njira yoipezera inachokera kwa Euclid wa ku Alexandria, yemwe anailemba cha m'ma 300 Yesu asanabadwe. Iye ankafuna nambala yaikulu koposa yomwe imagawa manambala awiri popanda chotsala. Mumagawa yaikulu ndi yaing'ono, kenako yaing'onoyo ndi chotsala, kenako chotsala choyamba ndi chachiwiri, mpaka mutafika pansi:

```
216 = 9 × 23 + 9
 23 = 2 × 9  + 5
  9 = 1 × 5  + 4
  5 = 1 × 4  + 1
```

Tafika pa 1. Izi zikutiuza kuti palibe nambala yoposa 1 yomwe imagawa 216 ndi 23 pamodzi, ndipo chimenechi ndicho chitsimikizo choti yobwezera ilipo. Euclid akanalekera pomwepa. Gawo loonjezera, lomwe katswiri wa ku India Aryabhata ankalidziwa kale mu 499, ndi kukweranso makwerero omwewa kuchokera pansi, kuti 1 uja timulembe pogwiritsa ntchito 23 ndi 216 okha.

Mzere womaliza ukuti 1 ndi 5 kuchotsa 4. Mzere wa pamwamba pake ukutiuza kuti 4 ndi 9 kuchotsa 5, choncho pamalo pa 4 tiikapo zimenezo. Tikatero 4 wasowa, tatsala ndi 5 ndi 9. Kenako tichotsa 5 poikapo zomwe mzere wachiwiri ukunena, ndipo pomaliza tichotsa 9:

```
1 = 5 − 4
1 = 5 − (9 − 5)              = 2 × 5  − 9
1 = 2 × (23 − 2 × 9) − 9     = 2 × 23 − 5 × 9
1 = 2 × 23 − 5 × (216 − 9 × 23)
1 = 47 × 23 − 5 × 216
```

Onetsetsani mzere womalizawo. Ukuti 47 × 23 akuposa ma 216 asanu ndi 1 yekha. Yesani: 47 × 23 = 1081, pamene 5 × 216 = 1080. Kiyi yotsekulira ndi 47, ndipo taipeza titagawa kanayi kokha.

Chimene chimandisangalatsa pa njirayi ndi changu chake. Pa masitepe awiri alionse chotsala chimatsika kufika pansi pa theka la momwe chinalili. Mu 1844 Gabriel Lamé wa ku France anasonyeza kuti masitepe sangapitirire kasanu kuchuluka kwa madijiti a nambala yaing'onoyo. Nambala ya madijiti 600 singafune kugawa koposa 3,000, zomwe foni yam'manja imamaliza musanaphethire.

Pali malo atatu pomwe ophunzira amapunthwa kawirikawiri. Poyamba, si nambala iliyonse yomwe ili ndi yobwezera. Tikanasankha 15 m'malo mwa 23, zotsala zikanakhala 6, kenako 3, kenako 0, osadutsa pa 1. Zikatero dziwani kuti 3 akugawa 15 ndi 216 pamodzi, ndipo yobwezera kulibe, kaya muifune chotani. Sankhani kiyi ina. Kachiwiri, yankho limatha kutuluka lochepera ziro. Pa kiyi 5, mzere umodzi ndi wokwanira: 216 = 43 × 5 + 1, ndiye 1 = 216 − 43 × 5, ndipo yobwezera yatuluka −43. Simunalakwitse. Ingoonjezerani 216 mupeze 173, ndipo muona kuti 5 × 173 = 865, yemwe ndi ma 216 anayi ndi 1 pamwamba. Kachitatu, ambiri amasokoneza ma mojulo awiri aja. Makiyi amapezedwa mojulo 216, uthenga umawerengedwa mojulo 247. Mukafuna yobwezera ya 23 mojulo 247 mudzaipeza ndithu, koma sidzatsekula kanthu.

Tsopano chinthu chachiwiri, chomwe ndi kutseka uthenga. Tinene kuti uthenga wathu ndi nambala 10. RSA imati muichulukitse ndi iyo yomwe mpaka ma 10 akwane 23, kenako mutenge chotsala pogawa ndi 247. Ma 10 okwana 23 amapereka 1 wotsatidwa ndi maziro 23. Kakyuleta wamba sangathe kusunga madijiti onsewo, ndipo ngakhale Excel imasunga madijiti 15 okha molondola, enawo imawasandutsa maziro. Pa masamu a zotsala, dijiti imodzi ikangotayika yankho lonse laonongeka, ndipo palibe chizindikiro chokuchenjezani.

Nzeru yake ndi yoti nambala yaikuluyo tisaipange n'komwe. Popeza tikufuna chotsala chokha, tingathe kutaya ma 247 onse tikangochulukitsa kamodzi, tisanapitirire. Tikatero sitigwira nambala yoposa 246 × 246. Nzeru inanso ndi yodumpha masitepe. Ma 10 awiri mukawachulukitsa ndi iwo okha mwapeza ma 10 anayi, anayiwo akupatsani asanu ndi atatu, kenako 16. Pamndandanda uwu, chizindikiro ^ chikusonyeza kuchuluka kwa ma 10:

```
10^1                    = 10
10^2  = 10 × 10         = 100
10^4  = 100 × 100 = 10000 → 120
10^8  = 120 × 120 = 14400 → 74
10^16 = 74 × 74   = 5476  → 42
```

Muvi ukusonyeza chotsala pogawa ndi 247. Tsono 23 ndi 16 + 4 + 2 + 1, choncho titola mizere inayi imeneyo, wa 8 tiusiya. Tichulukitsa 42 ndi 120, tipeza 5040, chotsala 100. Ameneyu tichulukitsa ndi 100, tipeza 10000, chotsala 120. Pomaliza 120 × 10 = 1200, chotsala 212. Uthenga wotsekedwa ndi 212, ndipo tachulukitsa ka 7 m'malo mwa ka 22. Kuphwanya 23 motere n'chimodzimodzi kumulemba m'bainale, kalembedwe ka kompyuta ka ma 0 ndi ma 1, momwe 23 ndi 10111. Pomwe pali 1 mzere umatengedwa, pomwe pali 0 umadumphidwa.

Wolandira uthenga achita zomwezo ndi kiyi yake 47. Ma 212 okwana 47 atachulukitsidwa onse angapereke nambala ya madijiti 110, koma iye saiona n'komwe. Zotsala zake pa 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32 ndi 212, 237, 100, 120, 74 ndi 42. Popeza 47 ndi 32 + 8 + 4 + 2 + 1, asiya 74 yekha. Kuchokera ku 42 × 120 apeza 100, kuchulukitsa ndi 100 apeza 120, ndi 237 apeza 35, ndipo 35 × 212 = 7420. Ma 247 okwana 30 ndi 7410. Patsala 10, uthenga uja.

Sizinangochitika mwamwayi. Leonhard Euler anasonyeza m'zaka za m'ma 1700 kuti, pa mojulo ngati wathuyu, ma 10 okwana 216 akachulukitsidwa amasiya 1. Kutseka ndi 23 kenako kutsekula ndi 47 n'chimodzimodzi kuchulukitsa ma 10 okwana 1081, omwe ndi magulu asanu a 216 ndi 10 mmodzi wapadera. Magulu asanuwo asanduka ma 1, ndipo 10 wapaderayo ndiye watsala. Apa ndi pomwe ntchito ya Euclid ndi ya kuchulukitsa mobwereza zikukumana.

Amene ali ndi kompyuta angatsimikize zonsezi mu Python, kuyambira mtundu wa 3.8:

```python
pow(23, -1, 216)    # 47
pow(10, 23, 247)    # 212
pow(212, 47, 247)   # 10
```

Musalembe `212**47 % 247`. Pa manambala athuwa yankho lituluka lolondola, koma kompyuta iyamba yapanga nambala yonse yaikulu ija, ndipo pa kiyi yeniyeni siimaliza.

Pa RSA ya masiku ano mojulo amakhala wa mabiti 2048, omwe ndi madijiti pafupifupi 617. Kiyi yotsekera yomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi 65537, chifukwa ndi 65536 + 1: mumachulukitsa nambala ndi iyo yomwe ka 16, n'kuonjezera kuchulukitsa kumodzi, basi. Kiyi yotsekulira ndi yaitali ngati mojulo, komabe siifuna kuchulukitsa koposa 4,096. Wakuba amadziwa 247 ndi 23, ndipo Euclid amamudziwanso. Chomwe akusowa ndi 216, ndipo kuti aipeze ayenera kuphwanya 247 kukhala 13 ndi 19. Pa madijiti atatu n'zamasewera, koma pa madijiti 617 palibe njira yodziwika yochitira zimenezi pa makompyuta a lero m'nthawi ya moyo wa munthu.

Komabe njira yodumpha ija ili ndi pobowoka. Pa 1 aliyense wa m'kiyi kompyuta imachulukitsa kawiri, pa 0 imachulukitsa kamodzi, choncho nthawi yomwe yatenga imaulula kenakake za kiyiyo. Mu 1996 Paul Kocher anasonyeza kuti munthu woyeza nthawi imeneyi mosamala, pa mauthenga ambiri, angathe kutola kiyi yachinsinsi biti ndi biti, osaphwanya nambala iliyonse. N'chifukwa chake mapulogalamu enieni a chitetezo amalembedwa kuti azigwira ntchito yofanana pa 0 ndi pa 1, kapena amayamba asakaniza uthenga ndi nambala yongotola mwachisawawa. Akamaliza kutsekula, amachotsa nambala yosakanizayo pochulukitsa ndi yobwezera yake mojulo wa uthenga, yomwe amaipezanso ndi njira ya Euclid.