Njira yosungira moto wa batire pa foni

Njira yosungira moto wa batire ndi dongosolo la mu foni lomwe limathimitsa kapena kuchepetsa ntchito zina za foniyo kuti batire lichedwe kutha. Pa mafoni ambiri a Android imalembedwa kuti Battery Saver, pa Samsung ndi Power saving, ndipo pa iPhone ndi Low Power Mode. Njirayi siwonjezera moto m'batire. Chomwe imachita ndi kusankha zinthu zoti zidikire kaye, ndipo phindu lake limadalira kwambiri nthawi yomwe yayatsidwa komanso mphamvu ya netiweki pamalopo.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri anthu a m'madera omwe magetsi amathima kwa maola ambiri. Ku Malawi, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo ESCOM inkagawa magetsi mosinthanasinthana kwa nthawi yopitirira chaka. Ku Zambia, chilala cha 2024 chinachepetsa madzi m'damu la Kariba moti makomo ambiri ankaona magetsi maola ochepa okha patsiku.

Mbiri yake

Kampani ya Google inaika Battery Saver mu Android 5.0 m'chaka cha 2014. Chaka chomwecho Samsung inatulutsa foni ya Galaxy S5 yokhala ndi Ultra Power Saving Mode, yomwe inkachotsa mitundu pa sikirini n'kusiya mapulogalamu owerengeka okha. Apple inabweretsa Low Power Mode mu iOS 9 m'chaka cha 2015.

Zomwe zimathimitsidwa

Foni ikakhala m'thumba sikhala itagona kwenikweni. Mapulogalamu monga a imelo, a nkhani ndi a masamba a mchezo amadzuka pafupipafupi kukafunsa pa intaneti ngati kwabwera zatsopano. Kudzuka kulikonse kumayatsa purosesa ndi wailesi ya foni kwa timasekondi tochepa, koma tikaphatikizana tsiku lonse timadya moto wambiri. Ntchito yoyamba ya njira yosungira moto ndi kuletsa kudzuka kumeneku. Imelo imasiya kubwera yokha mpaka mwini foni atatsegula pulogalamuyo, zithunzi zimasiya kutumizidwa kosungira pa intaneti, ndipo mapulogalamu sakonzedwanso mwa okha. Pa Android, ntchito yoonetsa malo omwe foni ili imaimanso sikirini ikathima.

Chachiwiri ndi sikirini, yomwe nthawi zambiri imadya moto kuposa china chilichonse foni ikamagwiritsidwa ntchito. Kuwala kumatsitsidwa ndipo sikirini imathima msanga. Pa iPhone imathima pakangotha masekondi 30 osaikhudza. Mafoni omwe amasintha chithunzi ka 90 kapena ka 120 pa sekondi amabwezedwa pa ka 60. Android imasinthanso maonekedwe kukhala akuda, koma apa pali kusiyana komwe ambiri sakudziwa. Pa sikirini ya OLED kapena AMOLED kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, choncho malo akuda amakhala othima ndipo moto umasungikadi. Pa sikirini ya LCD, yomwe ili m'mafoni ambiri otsika mtengo, kumbuyo kuli nyali yomwe imayaka chimodzimodzi kaya tsamba ndi lakuda kapena loyera. Pa foni yotere chothandiza ndi kutsitsa kuwala, osati kusintha mtundu.

Chachitatu ndi liwiro la purosesa. Pa mafoni a Samsung pali mwayi wosankha kuti purosesa isapitirire maperesenti 70 a liwiro lake, kuti kuwala kutsike ndi maperesenti 10, komanso kuti Always On Display ndi 5G zithime. Foni imachedwerapo pang'ono potsegula zinthu, koma poimba kapena polemba uthenga kusiyanako sikuoneka.

Mafoni ambiri ali ndi gawo lachiwiri lokhwima kwambiri, lomwe limadziwika ndi maina monga Ultra Power Saving kapena Extreme Battery Saver. Gawoli limaimitsa pafupifupi mapulogalamu onse kupatula kuimba, mauthenga a SMS, wotchi ndi ena ochepa omwe mwini foni wasankha. Foni yamakono imasanduka ngati kafoni ka mabatani.

Njira zonsezi zisasokonezedwe ndi Doze, dongosolo lomwe linabwera mu Android 6.0 m'chaka cha 2015. Doze imagwira yokha popanda kuiyatsa: foni ikakhala pansi osasuntha, sikirini itathima komanso isali pa tchaja, mapulogalamu amaletsedwa kugwiritsa ntchito intaneti kupatula pa timipata tochepa, ndipo timipatato timatalikirana nthawi ikamapita. N'chifukwa chake foni yosiyidwa pa tebulo usiku wonse imataya moto wochepa kusiyana ndi yomwe ikunyamulidwa ndi kuyatsidwa mphindi zilizonse.

Chomwe sichithimitsidwa

Njira yosungira moto siithimitsa kulumikizana kwa foni ndi nsanja ya netiweki, chifukwa foni iyenera kulandirabe mafoni ndi mauthenga. Apa ndi pomwe kuthima kwa magetsi kumasiyana ndi tsiku wamba. Nsanja nazonso zimadalira magetsi, ndipo zimakhala ndi mabatire, majenereta kapena sola zoti zigwire magetsi akathima. Kuthima kukatalika, nsanja ina imatha kuleka kugwira ntchito, ndiye foni imalumikizana ndi ina ya kutali. Foni imakweza mphamvu yotumizira molingana ndi kufooka kwa netiweki, monga munthu amakwezera mawu polankhula ndi wina yemwe ali tsidya lina la mtsinje. Netiweki ikasoweratu, foni imangofufuzabe mobwerezabwereza. Pa foni ya makhadi awiri, monga ya Airtel ndi TNM, khadi lililonse limafunika kulumikizana ndi netiweki yake. Kuonjezera apo, Wi-Fi ya panyumba imathima pamodzi ndi magetsi, ndipo zonse zomwe zinkadutsa kumeneko zimasamukira pa data ya foni.

Zizindikiro zake ndi izi: timizere ta netiweki tatsala kamodzi kapena tikusinthasintha pakati pa 4G, H ndi E, foni ikufunda ili m'thumba, ndipo maperesenti akutsika ngakhale munthu sanaigwire. Pa mafoni ena a Android, tsamba la Battery usage limaonetsa mzere wotchedwa Mobile network kapena Cell standby, ndipo mzerewu ukakhala pamwamba ndiye kuti netiweki ndi yomwe ikudya moto. Zikatere Battery Saver payokha sikwanira. Chomwe chimathandiza ndi Airplane mode, yomwe imathimitsa wailesi yonse, kenako n'kumaichotsa kwa mphindi zochepa pa maola awiri kapena atatu aliwonse kuti mauthenga alowe. Munthu yemwe akuyembekezera foni yofunika sangachite zimenezi, koma angathe kuthimitsa data yokha ndi khadi lomwe netiweki yake yafooka.

Chitsanzo cha mawerengedwe

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake, popeza foni iliyonse ili ndi ake. Tiyerekeze kuti magetsi athima 6 koloko m'mawa foni ili pa maperesenti 60, ndipo mwini wake akufuna kuigwiritsa ntchito maola atatu pamodzi, poimba, kulemba mauthenga ndi kuwerenga. Foniyo imadya maperesenti 10 pa ola sikirini ikayaka, ndi maperesenti 2 pa ola ikangokhala. Njira yosungira moto ikayatsidwa, manambalawo amatsika kufika pa 8 ndi 1.2.

Popanda kuyatsa chilichonse, maola atatu aja amadya maperesenti 30, ndipo 30 otsalawo amakwana maola 15. Onse pamodzi ndi maola 18, kutanthauza kuti foni ithima pakati pa usiku.

Mafoni ambiri amakumbutsa za njirayi batire likatsika pa 20 kapena 15, ndipo anthu ambiri amaiyatsa pamenepo. Mu chitsanzochi, munthu yemwe wagwiritsa kale ntchito maola ake atatu n'kudikira mpaka pa 15 amakhala atatha maola 10 ndi theka. Maperesenti 15 otsalawo, pa 1.2 pa ola, amakwana maola 12 ndi theka. Foni ikhala maola 23, ndipo ithima cha m'ma 5 koloko mbandakucha.

Koma akaiyatsa 6 koloko m'mawa pomwe magetsi athima, maola atatu aja amadya maperesenti 24 okha. Otsala 36 amakwana maola 30, choncho foni ikhala maola 33, kufika 3 koloko masana a tsiku lotsatira. Kusiyana kwa maola 10 pakati pa njira ziwirizi kwabwera chifukwa cha nthawi yoyatsira basi. Chikumbutso cha pa 20 kapena 15 chinapangidwira munthu yemwe apeza soketi madzulo, osati yemwe sakudziwa kuti magetsi ayaka liti.

Aliyense angapeze manambala a foni yake poona maperesenti pogona ndi podzuka, n'kugawa kusiyanako ndi maola omwe adutsa. Kuchita zimenezi usiku umodzi njirayi itathima ndi usiku wina itayaka kumaonetsa phindu lake lenileni.

Mavuto omwe amabwera

Vuto lodziwika kwambiri ndi kuchedwa kwa mauthenga. Pa gawo loyamba, mauthenga a WhatsApp nthawi zambiri amafikabe, ngakhale pa mafoni ena amachedwa mpaka pulogalamuyo itatsegulidwa. Pa gawo lokhwima, pulogalamu yomwe sinaikidwe pa mndandanda wa zololedwa siilira konse, ndipo munthu amatha kuganiza kuti palibe yemwe wamufuna. Kuimba, SMS ndi manambala monga `*211#` a Airtel Money kapena `*444#` a TNM Mpamba zimagwirabe ntchito chifukwa sizidalira data. Mapulogalamu owerenga mtunda womwe munthu wayenda amathanso kudumpha malo ena sikirini ikathima.

Njirayi imadzithimitsanso yokha. Pa iPhone, chizindikiro cha batire chimakhala chachikasu Low Power Mode ikamagwira ntchito, ndipo imachoka batire likatchajidwa kufika pa 80. Pa Android yambiri imaima foni ikalumikizidwa ku tchaja, ndipo pali chosankha choti ichoke batire likatsala pang'ono kudzaza. Munthu yemwe watchajitsa foni pa sola kapena pa pawabanki magetsi asanabwere ayenera kuonanso ngati njirayi idakali yoyaka.

Pomaliza pali ukalamba wa batire. Batire la lithiyamu limachepa mphamvu likatchajidwa kambirimbiri komanso likamakhala pa malo otentha, choncho maperesenti 60 a foni ya zaka zitatu si ofanana ndi a foni yatsopano. Batire lotopa limatha kuthimitsa foni mwadzidzidzi ili pa 20 kapena 15, makamaka tochi kapena kamera ikayatsidwa, chifukwa limalephera kupereka mphamvu yambiri nthawi imodzi. Pa foni yotere, powerengera maola ndi bwino kuchotseratu maperesenti omalizawo.